Timadontho, mzere, ndi funso lakuti chachititsa n'chiyani

M'chaka cha 2012, magazini otchuka a zachipatala a ku America, New England Journal of Medicine, anasindikiza galafu imene inadabwitsa anthu ambiri. Dokotala Franz Messerli anatenga mayiko 23, n'kuyerekezera kuchuluka kwa chokoleti chimene munthu mmodzi amadya pachaka ndi kuchuluka kwa anthu amene analandira mphotho ya Nobel m'dziko lililonse molingana ndi chiwerengero cha anthu a m'dzikolo. Timadontho tinandanda mokwera. Dziko la Switzerland linali pamwamba penipeni pa zonse ziwiri. Manambalawo sanali abodza, koma aliyense amene anathamangira kunena kuti chokoleti chimanola ubongo ananena zoposa zimene galafuyo inanena. Kuti timvetse pamene panagona vuto, tiyeni tijambule galafu yathu pogwiritsa ntchito chinthu chimene timachidziwa bwino: feteleza ndi chimanga.

Kadontho kamodzi, mlimi mmodzi

Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaulimi wayendera alimi asanu, aliyense ali ndi munda wa hekitala imodzi. Manambalawa ndi ongophunzirira. Woyamba sanathire feteleza ndipo wakolola matumba 16 a chimanga. Wachiwiri anathira thumba 1, wakolola 26. Wachitatu anathira matumba 2, wakolola 28. Wachinayi anathira 3, wakolola 42. Wachisanu anathira 4, wakolola 48.

Papepala timajambula mizere iwiri yokumana pangodya. Pa mzere wogona pansi timalemba matumba a feteleza, kuyambira 0 mpaka 4. Pa mzere woimirira timalemba matumba a chimanga. Chimene tikuganiza kuti ndicho chikusintha chinzake chimakhala pa mzere wogona, ndipo zotsatira zimakhala pa woimirira. Mlimi aliyense amapeza kadontho kake. Kuti tiike mlimi wachitatu, timayenda pa mzere wogona kufika pa 2, kenako n'kukwera molunjika kufika pa 28, ndipo pomwepo timadontheza. Timadontho sitimatilumikiza monga timachitira pa galafu ya mitengo ya zinthu mwezi ndi mwezi, chifukwa awa ndi anthu asanu osiyana, si munthu mmodzi pa nthawi zisanu.

Tisanawerengere chilichonse, maso amakhala atatiuza kale zinthu zitatu. Timadontho tikukwera kupita kumanja, kusonyeza kuti pamene feteleza akuchuluka, chimanga chikuchulukanso. Tandanda pafupifupi mowongoka, osati mokhota. Ndipo tili pafupi ndi njira imodzi, sitinamwazikane.

Mzere wodutsa pakati

Chotsatira ndi kujambula mzere umodzi wowongoka wodutsa pakati pa timadonthoto. Mzerewu sukakamizidwa kugunda kadontho kalikonse. Ntchito yake ndi kusonyeza kumene gulu lonse likulowera. Njira yoyenera yowupezera inasindikizidwa koyamba ndi katswiri wa masamu wa ku France, Adrien-Marie Legendre, mu 1805. Timayeza mpata wa pakati pa kadontho kalikonse ndi mzere, kukwera kapena kutsika, n'kuchulukitsa mpatawo ndi iwo womwe, kenako n'kuphatikiza zonse. Mzere wabwino ndi umene ukupereka chiwerengero chochepa kwambiri.

Kwa alimi athu asanu, mzerewo ndi uwu:

```
y = 16 + 8x
```

Apa x ndi matumba a feteleza, y ndi matumba a chimanga. Nambala 16 ndi pamene mzere ukuyambira, zokolola za munda wopanda feteleza. Nambala 8 ndi kukwera kwa mzere: thumba lililonse lowonjezera la feteleza likuyendera limodzi ndi matumba 8 owonjezera a chimanga. Kwa mlimi wachitatu mzere ukulosera matumba 32, koma iye anakolola 28, choncho ali pansi pa mzere ndi matumba 4. Wachiwiri ndi wachinayi ali pamwamba ndi matumba 2 aliyense. Mipata imeneyi ndi gawo la zokolola limene feteleza sakulifotokoza, ndipo mlangizi wanzeru amapita kwa mlimi wachitatu kukafunsa chimene chinachitika.

Mzere uli ndi malire ake. Umagwira ntchito pakati pa 0 ndi 4 pokha, pamene tili ndi timadontho. Munthu ataika 20 m'malo mwa x, masamu amupatsa matumba 176, koma munda sungamupatse zimenezo. Feteleza akapitirira muyezo, phindu la thumba lililonse lowonjezera limachepa, ndipo akachulukitsa amawotcha mbewu.

Nambala yoyezera mgwirizano

Magalafu awiri akhoza kukhala ndi mzere wofanana, koma pa ina timadontho titaumirira pa mzerewo, pa inayo titabalalika. Kusiyana kumeneku kumayezedwa ndi nambala yotchedwa r, imene Karl Pearson wa ku England anaikonza m'ma 1890 potsatira ntchito ya Francis Galton, yemwe ankayerekezera msinkhu wa makolo ndi wa ana awo.

Nambala r imakhala pakati pa −1 ndi +1. Ikakhala +1, timadontho tonse tili pa mzere wokwera. Ikakhala −1, tonse tili pa mzere wotsika, kutanthauza kuti chimodzi chikamachuluka chinzake chikuchepa. Ikayandikira 0, palibe mzere wowongoka umene ukufotokoza bwino zimene zikuchitika. Chizindikiro chimatiuza kolowera, ndipo kukula kwa nambala kumatiuza mphamvu, choncho −0.8 ndi wamphamvu kuposa +0.5. Amene ali ndi Excel akhoza kuika feteleza m'danga A, chimanga m'danga B, n'kulemba kuti:

```
=CORREL(A2:A6,B2:B6)
```

Kwa alimi athu yankho ndi 0.98, mgwirizano wamphamvu kwambiri. Pa galafu ya chokoleti ija r inali 0.79.

Tsopano tionjezere mlimi wachisanu ndi chimodzi. Iye anathira matumba 4, koma ntchemberezandonda zinamudyera munda, n'kukolola matumba 12 okha. Kadontho kake kagwera pansi kumanja, kutali ndi anzake. Tikawerengeranso, r yagwa kuchoka pa 0.98 kufika pa 0.40, ndipo kukwera kwa mzere kwatsika kuchoka pa 8 kufika pa 3.5. Feteleza sanasinthe khalidwe lake, koma munthu wongolandira nambala osaona galafu anganene kuti mgwirizanowo ndi wofooka. Kadontho kotere sitikafufuta chifukwa chakuti kakutisokoneza. Timafufuza kaye ngati kali kolakwika polemba kapena ngati kali ndi nkhani yakeyake, ndipo timanena poyera zimene tachita nako.

Palinso msampha wina. Nambala r imaona mizere yowongoka yokha. Tikayerekezera mvula ndi zokolola, chimanga chimachita bwino mvula ikamawonjezeka, koma ikafika posefukira zokolola zimagwa. Timadontho timapanga chulu, ndipo r ikhoza kuyandikira 0 ngakhale mvula ili ndi mphamvu yaikulu pa munda. Mu 1973, Francis Anscombe anakonza magulu anayi a manambala, lililonse la timadontho 11, onse okhala ndi mzere wofanana ndi r ya pafupifupi 0.82. Atawajambula, limodzi linali lokhota, ena awiri anali olamulidwa ndi kadontho kamodzi, ndipo limodzi lokha ndi limene linali loyenera mzere wowongoka. Phunziro lake ndi lakuti tizijambula kaye tisanakhulupirire nambala.

Kodi matumba 8 aja ndi a feteleza?

Tibwerere kwa alimi asanu oyamba. Palibe akukana kuti feteleza amathandiza chimanga. Funso ndi lakuti, mlimi woyamba atapatsidwa thumba limodzi, kodi akololadi matumba 8 owonjezera? Galafu payokha siingayankhe, pa zifukwa zitatu.

Choyamba ndi chinthu chachitatu chobisika. Mlimi wotha kugula matumba 4 a feteleza nthawi zambiri ndi yemwenso amagula mbewu ya haibulidi, amadzala ndi mvula yoyamba, ndipo amalemba aganyu kuti apalire pa nthawi yake. Ndalama zake zikukweza feteleza ndi zokolola nthawi imodzi, ndiye mzere ukupatsa feteleza ulemu wa mbewu ndi wa khasu womwe. Ndi mmenenso zilili ndi chokoleti: mayiko olemera amagula chokoleti chambiri, ndipo ndi omwewo ali ndi mayunivesite ndi ndalama za kafukufuku. Komanso galafuyo inayeza mayiko, sinayeze zimene anthu olandira mphothowo ankadya.

Chachiwiri, zinthu zikhoza kuyenda chobwerera. Mlimi wa nthaka yachonde amakolola zambiri, amagulitsa, n'kupeza ndalama yogulira feteleza. Pamenepa zokolola ndi zimene zabweretsa feteleza.

Chachitatu ndi mwayi chabe. Timadontho tisanu n'tochepa kwambiri, ndipo munthu akayerekezera zinthu zambirimbiri, zina zimagwirizana popanda chifukwa chilichonse.

Mmene akatswiri amatsimikizira

Njira yodalirika kwambiri inakhwima pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England, kumene Ronald Fisher anayamba ntchito mu 1919. Munda umagawidwa m'timapuloti, ndipo maere ndi amene amasankha kapuloti kolandira feteleza wochuluka, wochepa, kapena kosalandira konse. Mbewu, tsiku lodzala ndi kupalira zimakhala zofanana. Popeza maere sadziwa nthaka yabwino kapena mlimi wolemera, kusiyana kwakukulu kumene kwatsala tingakuike pa feteleza. Ndi chifukwa chake malo ngati Chitedze, kufupi ndi Lilongwe, amayesa mbewu ndi feteleza pa timapuloti m'malo mongofunsa alimi.

Nthawi zina maere satheka. Palibe angalamule anthu kusuta fodya kuti aone ngati adwale. Richard Doll ndi Austin Bradford Hill atasonyeza mu 1950 kuti kusuta kumayendera limodzi ndi khansa ya m'mapapo, Fisher yemweyo anatsutsa, ponena kuti mwina chibadwa ndicho chimachititsa munthu kukonda fodya komanso kudwala. Yankho linabwera pang'onopang'ono. Kuyambira 1951, Doll ndi Hill anayamba kutsatira madokotala pafupifupi 40,000 a ku Britain. Kusuta kunkayamba, matenda n'kubwera pambuyo. Osuta kwambiri ankafa ndi khansayi kuposa osuta pang'ono. Osiya kusuta chiopsezo chawo chinkatsika poyerekeza ndi opitiriza. Kafukufuku wa m'mayiko ena anapeza zomwezo, ndipo mu utsi wa fodya munapezeka zinthu zoyambitsa khansa. Pamenepo mgwirizano unasanduka umboni, chifukwa mafotokozedwe ena onse anayesedwa n'kulephera.

Choncho lipoti likakuonetsani timadontho ndi mzere, werengani kaye zimene zalembedwa pa mizere iwiri ija ndi kuona kuti kadontho kamodzi kakuimira chiyani. Onani kuchuluka kwa timadontho, ngati tikukhota, ndiponso ngati pali kamodzi kamene kakukoka mzere wonse. Kenako funsani funso limene galafu siingadziyankhire: ndani anasankha kuti uyu alandire zambiri ndi uyo zochepa? Ngati anali maere, mzerewo ukhoza kukuuzani chimene chachititsa. Ngati anthu anadzisankhira okha malinga ndi thumba lawo, nthaka yawo kapena thanzi lawo, mzerewo wangokusonyezani pamene muyenera kuyambira kufufuza.