Matenda awiri m'chifuwa chimodzi

Ophunzira udokotala akafika pa COPD, matenda okhalitsa otsekereza mpweya m'mapapo, amakumana ndi mayina awiri: bulonkaitisi yokhalitsa ndi emfisima. Ambiri amalimbana n'kufuna kudziwa kuti wodwala ali ndi iti. Komatu nthawi zambiri amakhala nazo zonse ziwiri.

Bulonkaitisi yokhalitsa imadziwika ndi zimene wodwala akufotokoza: kutsokomola makhololo kwa miyezi itatu kapena kuposerapo pachaka, zaka ziwiri zotsatizana, popanda matenda ena ochititsa zimenezi. Emfisima imadziwika ndi zimene zawonongeka m'mapapo. Makoma a timatumba ta mpweya amang'ambika, timatumbato n'kusanduka mabowo akuluakulu osatha kulowetsa bwino okosijeni m'magazi. Ina timaimva ndi khutu, inayo timaiona pa sikani. Poti miyeso yake ndi yosiyana, palibe choletsa kuti zikhalire pamodzi.

Gwero lake nalonso ndi limodzi. Utsi wa fodya, kapena wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda mawindo, umatupitsa njira za mpweya n'kuchulukitsa makhololo. Utsi womwewo umaitana maselo oyera a magazi, amene amatulutsa timadzi tosungunula ulusi wotanuka wa mapapo.

Mavuto awiriwa amakumana m'tinjira tating'ono tosafika mamilimita 2 m'mimba mwake. Tinjirati tilibe chichereŵechereŵe. Timakhala totseguka chifukwa timatumba tozungulira timatikoka ngati zingwe za tenti. Emfisima ikadula zingwezo, kanjira kotupa kale ndi kodzaza makhololo kamafwafwanizika munthu akamatulutsa mpweya. Mpweya umalowa, koma kutuluka umakanika. N'chifukwa chake chifuwa chimafufuma, ndipo wodwala amasongola milomo popuma kuti tinjirato tisatsekeke msanga.

Tiyerekeze bambo wa zaka 60 amene wasuta fodya zaka 30. Amatsokomola makhololo m'mawa uliwonse ndipo amabanika pokwera chitunda. Chifuwa chachikulu chiyambe chayezedwa, chifukwa nacho chimatsokomoletsa nthawi yaitali, ndipo ngakhale chitachira chimatha kusiya zipsera zotsekereza mpweya. Kenako apatsidwe salubutamolo wopumira, auzire m'sipayirometa. Ngati mpweya wonse wotuluka, FVC, ndi malita 3.0, koma wa sekondi yoyamba, FEV1, ndi malita 1.5, ndiye kuti FEV1/FVC ndi 0.5. Nambalayi ikakhalabe pansi pa 0.7 mankhwala atagwira ntchito, kutsekeka kwake n'kokhazikika. Wa mphumu nthawi zambiri amasintha kwambiri akapuma mankhwalawo.

Bamboyu akagonekedwa matenda atakula, okosijeni aperekedwe mosamala, mulingo wake m'magazi ukhale pakati pa 88 ndi 92 peresenti. Wochulukitsa angachititse kuti mpweya woipa uunjikane, wodwala n'kuyamba kusinza.

Makhololo amachepa munthu akasiya fodya, koma timatumba tong'ambika sitimeranso. Choncho wotsokomola chaka ndi chaka afunsidwe za utsi ndi kuyezedwa msanga, phuma lisanayambe.