Mauthenga 9,000 pa khomo lopapatiza

Munthu amene ali ndi olembetsa 9,000 pa Telegram angaganize kuti kuwauza onsewo nkhani imodzi ndi ntchito ya kanthawi chabe. Kompyuta yake ingathedi kutulutsa mauthenga onse m'kuphethira kwa diso. Vuto lili kumene akupita.

Kuyambira mu 2015, Telegram imalola timapulogalamu totumiza tokha mauthenga, koma inatiikira malire. Kapulogalamu kamodzi sikayenera kupitirira mauthenga pafupifupi 30 pa sekondi kwa anthu osiyanasiyana, ndipo m'gulu limodzi sikayenera kupitirira 20 pa mphindi. Malirewa amateteza makina a kampaniyo kuti asalemedwe, komanso amachepetsa liwiro la otumiza zachinyengo. Kakadumpha malire, m'malo mwa uthenga kupita, kamalandira yankho lokhala ndi nambala 429 ndi mawu onga awa:

```
Too Many Requests: retry after 35
```

Akunena kuti zopempha zachuluka, dikirani masekondi 35.

Wodziwa ntchito sadikira kuti akanidwe. Amaika mauthenga onse pamzere, ndipo pulogalamu imatengapo ochepa ochepa monga amachitira mwini chigayo, amene sakhuthulira matumba a onse m'makina nthawi imodzi. Pa liwiro la 30 pa sekondi, mauthenga 9,000 amatha m'mphindi 5. Wosamala amatsikira pa 25, zomwe zimatenga mphindi 6. Mphindi yowonjezerayo siyotayika, chifukwa imasiya mpata woyankhira anthu amene ayamba kale kufunsa za uthengawo, pakuti mayankhowo nawonso amawerengedwa.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa yankho la 429 lija. Pulogalamu yolembedwa mothamanga imangobwereza nthawi yomweyo, imakanidwanso, ndipo nthawi yodikira ikhoza kutalika. Choyenera n'chakuti mzere wonse uime kwa masekondi atchulidwawo, uthenga wokanidwa ubwerere pamzere, kenako ntchito iyambenso modekha. Ena amaganiza kuti achenjera pogawira ntchitoyo makompyuta anayi. Sizithandiza, chifukwa malire amawerengedwa pa kapulogalamu, osati pa kompyuta. Anayi aja aliyense akatumiza 25, onse pamodzi afika pa 100.

Si kukanidwa konse kumene kumafuna kudikira. Nambala 403 kawirikawiri imasonyeza kuti wolandirayo anatsekera kapulogalamuko, ndipo ameneyu ndi wofunika kumuchotsa pamndandanda, osati kumangomugogodera.

Mzere uyeneranso kukumbukira. Magetsi akathima uthenga wa nambala 4,000 utangopita, pulogalamu yosalemba amene alandira kale imayambiranso pachiyambi, ndipo anthu 4,000 amalandira nkhani yomweyo kawiri. N'chifukwa chake mzere susungidwa m'chikumbumtima cha kompyuta chimene chimafufutika ikazima. Umasungidwa m'nkhokwe yokhalitsa, ndipo dzina lililonse limachongedwa Telegram ikangovomereza kuti uthenga wake yaulandira.