Dzanja limodzi, mapazi onse awiri

Munthu akafika kuchipatala n'kutambasula chikhatho chimodzi chouma, chotuwa ngati wagwira ufa, dokotala wodziwa za khungu amamuuza kuti avule nsapato. Wodwala amadabwa, poti iye wabwerera dzanja. Koma nthawi zambiri gwero la vutoli limakhala kumapazi.

Tiyerekeze bambo wogwira ntchito yaulonda amene amavala majombo usiku wonse. Kwa zaka zingapo mapazi ake akhala akufunduka kupansi, kuchidendene ndi m'mbali, ndipo iye amangoti ndi zikang'a. Akafika kunyumba amakanda mapaziwo ndi kutong'ola zikhadabo ndi dzanja lamanja. Kenako chikhatho cha dzanjalo chimayamba kukhakhala, mizere yake n'kuyera mbuu, pamene lamanzere lili bwinobwino. Ameneyu ndi fangasi, wa gulu lomwe limayambitsa chipere. Amakonda malo ofunda ndi achinyontho, ndipo amafika kudzanja pokanda.

Ekizima ndi matenda ena. Sapatsirana. Khungu limatupa chifukwa cha chibadwa kapena zinthu monga sopo, simenti ndi kuchapa pafupipafupi. Popeza munthu amachapa ndi manja onse, ekizima kawirikawiri amagwira onse awiri, amayabwa kwambiri, ndipo amakula kapena kuchepa malinga ndi ntchito. Fangasi wa m'chikhatho sayabwa kwenikweni, amangofalikira pang'onopang'ono, ndipo zikhadabo zimatha kukhuthala, kuchita chikasu ndi kunyenyeka.

Maso okha amanamiza. Dokotala amapala timamba ta khungu, n'kuthirapo dontho la potaziyamu haidirokisaidi, ndipo pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono fangasi amaoneka ngati timaulusi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amayambira kugula mankhwala opaka a siteroidi, monga betametazoni. Pa ekizima amathandiza, makamaka munthu akamadzolanso vaselini. Koma pa fangasi amangoziziritsa khungu masiku ochepa uku akufooketsa chitetezo chake, ndiye matendawo amakula mobisika mpaka dokotala kuvutika kuwazindikira.

Mlonda uja akapaka kilimu wa kulotirimazo yekha mwina sangachire, chifukwa khungu la chikhatho ndi kupansi kwa phazi n'lokhuthala. Dokotala amatha kumulembera mapiritsi a tebinafini, mamiligalamu 250 tsiku lililonse kwa milungu 2 mpaka 6, kapena milungu 12 ngati zikhadabo zakumapazi zagwidwa. Mapiritsiwa nthawi zina amavulaza chiwindi, choncho si ongogula osaonana ndi dokotala. Amene matendawa akumubwererabwerera ayezetsenso shuga ndi HIV.

Akachiza dzanja lokha, fangasi amachokeranso kumapazi. Choncho mlondayo ayenera kuchiza zonse nthawi imodzi, kupukuta bwino pakati pa zala akasamba, kusintha masokosi tsiku lililonse ndi kuyanika majombo padzuwa akaweruka.