Mmene Moni Anasandukira Salimu

Mphwanga wina anandibweretsera foni yake tsiku lina madzulo, nkhope itakwinyika. Anali atalandira kalata ya ntchito kuchokera ku Oman, yolembedwa m'Chiarabu, m'fayilo ya PDF. Iye anachita zimene aliyense akanachita: anakopera mawuwo n'kuwamata mu Google Translate. Zimene zinatuluka zinali phala lokhalokha. Ziganizo zina zinali zopanda mutu, ndipo m'mawu a moni munatulukira dzina la munthu, Salimu.

"Achimwene, Salimu ameneyu ndi ndani? Kodi kalatayi si yanga?"

Kalatayo inali yake ndithu, ndipo Salimu munalibemo. Anabadwira panjira, pakati pa PDF ndi pulogalamu yomasulirayo. Kuti timvetse mmene anabadwira, tiyambire pa zilembo.

Chiarabu chili ndi zilembo 28, ndipo chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Zilembo zake zimagwirana manja, kaya munthu akulemba ndi cholembera kaya ndi makina. N'chifukwa chake chilembo chimodzi chimasintha maonekedwe malinga ndi pamene chaima. Taonani chilembo chotchedwa ba, chimene chimamveka ngati b wathu. Chikakhala chokha chimaoneka ngati bwato lokhala ndi kadontho pansi: ب. Kumayambiriro kwa liwu bwatolo limadulidwa, n'kutsala kadzino: بـ. Pakati chimatambasula manja mbali zonse: ـبـ. Kumapeto chimabwezeretsa mchira wake: ـب. Mwana wa kumadirasa ku Mangochi amadziwa kuti zonsezi ndi ba mmodzimodzi, monga ife timadziwira kuti A ndi a n'chimodzi.

Pali zilembo 6 zamwano pang'ono: ا د ذ ر ز و. Izi zimalola kugwiridwa ndi chilembo cha kumanja kwake, koma sizigwira chotsatira. Choncho mkati mwa liwu limodzi mumatha kuoneka kampata, ndipo wosadziwa angaganize kuti ndi mawu awiri.

Nanga kompyuta imasunga bwanji zimenezi? Mu Unicode, ndondomeko imene inapatsa chilembo chilichonse nambala yake, ba ndi U+0628 basi, kaya ali kumayambiriro, pakati kapena kumapeto. Munthu akamalemba uthenga pa WhatsApp, foni imasunga manambala amenewa motsatana mmene mawu amatchulidwira, ndipo pokhapokha poonetsa pagalasi m'pamene imayang'ana zilembo zoyandikana n'kusankha maonekedwe oyenera. Mawu otere mukawakopera sipakhala vuto lililonse. Pulogalamu yomasulira imalandira zilembo zenizeni, zili pamzere wake.

PDF ndiye ili ndi khalidwe lina. Inapangidwa kuti tsamba lizioneka chimodzimodzi kulikonse, ndiye chimene imasamala kwambiri n'chakuti chithunzi chakuti chikhale pamalo akuti. Mukamakopera, pulogalamu yowerengera PDF imachita kulingalira yokha kuti zithunzizo zikuimira zilembo ziti ndiponso zinatsatana bwanji. Mafayilo ambiri amakopereka bwinobwino. Ena, makamaka opangidwa ndi mapulogalamu akale, amasokonekera, ndipo kusokonekerako kumabwera m'njira zingapo.

Nthawi zina m'malo mwa ba weniweni mumakopera maonekedwe ake okha. Unicode inasunganso manambala ena a maonekedwewa pofuna kugwirizana ndi makina akale: ba woima yekha ndi U+FE8F, wa kumapeto ndi U+FE90, wa kumayambiriro ndi U+FE91, wa pakati ndi U+FE92. Pamaso palibe kusiyana. Koma kwa pulogalamu imene siyamba yawabwezera ku U+0628, amenewa ndi alendo anayi, ndipo liwu lodziwika bwino limasanduka lachilendo. Vuto ili ndi locheperako, chifukwa mapulogalamu ena amalikonza okha mwakachetechete.

Choopsa ndi kutembenuzika. Pulogalamu ikatola zilembo kuyambira kumanzere, monga ichitira ndi Chichewa, liwu lililonse limatuluka chafutambuyo. Bwenzi zili bwino zikanakhala kuti liwu lotembenuzika limangokhala lopanda tanthauzo, poti munthu akanazindikira msanga. Koma mawu ambiri a Chiarabu amamangidwa pa zilembo zitatu, ndipo mavawelo afupiafupi kawirikawiri salembedwa, choncho liwu lotembenuzika limatha kugwera pa liwu lina lenileni. Liwu loti بحر ndi nyanja. Mukalitembenuza limakhala رحب, kutanthauza malo otakasuka. Pulogalamu yomasulira siidandaula, imangomasulira zimene mwaipatsa, molimba mtima.

Tsopano tibwerere kwa Salimu. Liwu la mtendere lija timalimva m'moni wa Asilamu, salaamu, limalembedwa سلام, zilembo zinayi: sini, lamu, alifu, mimu. Lamu akatsatidwa ndi alifu, awiriwa amalukana n'kukhala chithunzi chimodzi, لا, ndipo lamulo la kalembedwe sililola kuwalekanitsa. Mu PDF chithunzi chimenechi chimakhala chimodzi koma chikuimira zilembo ziwiri. Pulogalamu inatola zithunzi zitatu kuchokera kumanzere: mimu, kenako cholukanacho, kenako sini. Cholukanacho inachimasula bwino, lamu kenako alifu. Ndiyeno, pozindikira kuti ichi n'Chiarabu, inatembenuza mndandanda wonse chilembo ndi chilembo kuti ukhale bwino. Zina zonse zinabwerera m'malo, koma awiri aja, amene anali kale bwino, anasinthana. Panatuluka sini, alifu, lamu, mimu: سالم. Ameneyo ndiye Salimu. Ndipo lamu ndi alifu amakumana paliponse m'Chiarabu. Liwu loti "ayi" kapena "musatero" ndi لا lomweli, ndiye ganizirani likasokonekera m'kalata ya mgwirizano wa ntchito.

Chosangalatsa n'chakuti munthu angathe kugwira vutoli ngakhale sadziwa kuwerenga Chiarabu. Musanamasulire, matani mawuwo pamalo olembapo wamba, muwayerekeze ndi a mu PDF, liwu ndi liwu, ngati mukuyerekeza zithunzi. Yang'anani zizindikiro ziwiri. Mawu ochuluka kwambiri amayamba ndi الـ, choncho muziliona kumanja kwa liwu. Mukaona mawu ambirimbiri akuthera ndi لا kumanzere, dziwani kuti atembenuzika. Chinanso ndi chilembo ة, kambulunga kokhala ndi madontho awiri pamwamba, kamene kamakhala kumapeto kwa liwu basi. Kakapezeka kumanja, koyambirira, palakwika. Manambala muwaone paokha, ndi maso anu. Ngakhale mawu amapita kumanzere, manambala amawerengedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja ngati athu: ١٢٠ ndi 120. Mzere ukatembenuzika wonse, malipiro a 120 amasanduka 021.

Amene amadziwa kulemba mapulogalamu angathe kubwezera maonekedwe aja ku zilembo zenizeni mu Python:

```
import unicodedata
mawu = unicodedata.normalize("NFKC", mawu)
```

Koma izi sizikonza dongosolo. Salimu amakhalabe Salimu.

Ife tinachita zapafupi. Tinatsegula kalatayo pakompyuta, tinakulitsa zilembo, n'kujambula ndi kamera ya pulogalamu yomasulira ija. Kamera siikhudzidwa ndi zobisika za m'fayilo, imawerenga tsamba mmene likuonekera, ndipo moni anabwerera. Njirayi nayo ili ndi malire ake. Zilembo ب ت ث ن ي zikakhala pakati pa liwu zimafanana thupi, zimangosiyana madontho: limodzi pansi, awiri pamwamba, atatu pamwamba, limodzi pamwamba, awiri pansi. Pepala lofufuma kapena chithunzi chojambulidwa mumdima chikameza dontho limodzi, liwu lasintha. Pa ndime ya malipiro ndi ya masiku a tchuthi sitinadalire kamera. M'mawa mwake mphwanga anapita nayo kalatayo kwa shehe wina wa kumzikiti wapafupi, amene anaphunzira Chiarabu, ndipo anamuwerengera ndime ziwirizo mokweza, kawiri.