Ndalama Zatuluka pa Khadi Osadziwa: Zolemba M'kalata Yopita ku Banki

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina wa ku Zomba wadzuka m'mamawa n'kupeza mauthenga awiri pafoni. Woyamba ukuti khadi lake lalipira dola imodzi ku sitolo ya pa intaneti yomwe sanaimvepo n'kale lomwe. Wachiwiri, womwe unalowa patangopita mphindi zochepa, ukuti latulutsanso madola 49.99, ndipo mu akaunti mwachoka K87,500. Khadilo lili m'chikwama mwake, silinapite kulikonse. Dola imodzi ija si yangozi ayi. Akuba amayamba ndi kandalama kochepa pofuna kuona ngati khadi lili lamoyo, kenako n'kumenya zenizeni.

Choyamba si kalata. Ndi kuimbira banki nthawi yomweyo kuti atseke khadilo, n'kulemba penapake tsiku, nthawi ndi nambala ya dandaulo yomwe wapatsidwa. Koma kutseka khadi kumangoimitsa kutuluka kwa ndalama zina, sikubweza zomwe zapita. Zobwezazo zimayamba ndi kalata.

Kuti kalatayo ikhale yamphamvu, m'pofunika kudziwa komwe ikupita. Ndalama zija sizili ku banki yanu. Zadutsa m'njira ya Visa kapena Mastercard n'kukafika ku banki ya wogulitsa, mwina kutsidya kwa nyanja. Makampani awiriwa ali ndi malamulo olola banki yanu kukoka ndalamazo kuchokera ku banki ya wogulitsa ngati mwini khadi sanavomereze malondawo. Pa fomu ya ku banki njirayi imalembedwa kuti "chargeback". Inu simungayankhule ndi Visa kapena Mastercard mwachindunji, wokuyankhulirani ndi banki yanu. Ndipo iyo ikamatumiza mlanduwo imayenera kusankha nambala ya chifukwa. Pa zachinyengo zochitika pa intaneti khadi palibe, Visa ili ndi 10.4, pomwe Mastercard ili ndi 4837, ya malonda omwe mwini khadi sanaloleze. Choncho ntchito ya kalata yanu ndi kupatsa wogwira ntchito ku banki mfundo zokwanira kuti aike mlandu wanu pamalo pake. Madandaulo oti munali ndi fizi ya ana yoti mulipire ndi omveka ndithu, koma alibe pokhala pa fomuyo.

Mphunzitsi wathu uja alembere woyang'anira nthambi yomwe anatsegulira akaunti. Atchule dzina lake, nambala ya akaunti ndi manambala anayi okha omalizira a khadi. Nambala yonse ya khadi, manambala atatu a kuseri kwake ndi PIN zisalowe m'kalata, chifukwa kalata imadutsa m'manja ambiri. Kenako aike malonda onse awiri, aliyense payekha: tsiku, nthawi, dzina la sitolo monga momwe lalembedwera pa sitetimenti, chilembo ndi chilembo, ndalama m'madola komanso m'makwacha, ndi nambala ya malondawo ngati ikuoneka. Dola imodzi ija asaisiye poganiza kuti ndi yochepa, pakuti ndi umboni wa momwe wakubayo anayendera.

Mtima wa kalatayo ndi ziganizo zochepa chabe. Makalata ambiri a ku banki amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo yake ikhale iyi: "Sindinachite malondawa ndipo sindinatume aliyense kuwachita. Khadi langa linali ndi ine nthawi yonseyi. Sindinauze munthu PIN, ndipo sindinalandire kapena kupereka nambala yachinsinsi ya OTP pa malondawa. Ndikupempha kuti mubweze ndalamazi kudzera m'malamulo a kampani ya khadi, pamodzi ndi ndalama zonse zomwe munadula chifukwa cha malondawa, ndipo mundiyankhe polemba."

Chiganizo cha OTP chija ndicho chimagamula milandu yambiri. Masitolo ena a pa intaneti amagwiritsa ntchito njira yotchedwa 3-D Secure, yomwe imachititsa kuti banki itumize nambala pafoni yanu musanamalize kugula. Sitolo ikapanda kufunsa nambalayi, khadi n'kukhala lobedwa, kawirikawiri imaluza ndi sitoloyo, ndipo mlandu wanu umayenda mosavuta. Koma nambalayo ikalowetsedwa molondola, malamulo amachotsa udindowo pa wogulitsa, ndipo banki yanu siingathenso kukoka ndalamazo ponena kuti n'zachinyengo. N'chifukwa chake akathyali amaimba foni modzitcha kuti ndi a ku banki, n'kunena mwaulemu kuti, "Bwana, tikukonza akaunti yanu, tatiwerengereni nambala yomwe yalowayo."

Nanga ngati munawawerengeradi? Lembani zoona. Banki ili ndi mbiri yonse ya nthawi yomwe nambalayo inatumizidwa, foni yomwe inapitako ndi nthawi yomwe inalowetsedwa. Mukakana chinthu chomwe makina akuonetsa, ngakhale zoona zomwe mwalemba zimayamba kukayikitsa. Fotokozani momwe anakupusitsirani, nambala ya foni yomwe inaimba ndi nthawi yake, ndipo kanenani kupolisi kuti mukhale ndi lipoti. Mwayi wobwezeredwa umachepa, tisanamizane, koma mlanduwo umakhala ndi poyambira. Ngati foni yanu inasiya mwadzidzidzi kugwira netiweki tsiku lomwelo, tchulaninso zimenezo, chifukwa mwina wina anasinthitsa simu khadi yanu n'kumalandira manambalawo iyeyo.

Musanasaine, yambani mwafufuza m'nyumba. Mwana amene anaona khadi pa tebulo n'kugula masewero a pafoni, kapena pulogalamu yomwe munaiyesa mwaulere mwezi watha n'kuiwala kuiletsa, si kuba kwa mtundu womwe kalatayi ikunena. Dzina la pa sitetimenti nthawi zina limasiyananso ndi la sitolo yomwe mumaidziwa. Izi n'zofunika chifukwa wogulitsa amapatsidwa mpata woyankha, ndipo akabweretsa umboni woti katundu anapita ku adiresi yanu kapena kuti anagulidwa pa imelo yanu, mlandu umagwa, ndalama zomwe anakubwezerani mongoyembekezera n'kuchotsedwanso.

Nthawi nayo siidikira. Pa milandu yambiri ya mtunduwu malamulo a makampani a makhadi amapereka masiku 120 kuchokera pamene malondawo anakonzedwa, koma masikuwo ndi a banki kuti itumize mlandu, osati anu ogonera. Banki yanu ikhoza kukhala ndi malire ake aafupi, olembedwa m'pangano lomwe munasaina potenga khadi lija (inde, timalemba ting'onoting'ono tomwe ambiri sitiwerenga). Kalata ipite sabata yomweyo.

Pitani nayo m'makope awiri, mutaphatikiza sitetimenti yomwe mwazunguliza malondawo ndi cholembera, zithunzi za mauthenga a pafoni, kope ya chitupa chanu cha unzika ndi lipoti la polisi ngati lilipo. Akakupatsani fomu yawo, ilembeni, koma kalata yanu ipitenso limodzi. Kope imodzi aidinde chidindo cha tsikulo, mubwerere nayo kunyumba. Yankho litha kutenga masabata angapo, mwinanso miyezi, popeza mbali inayo ili ndi nthawi yake yoyankhira.

Banki ikakana, pemphani chifukwa chake polemba, ndipo funsani mosapita m'mbali ngati malondawo anadutsa pa 3-D Secure, komanso kuti OTP inatumizidwa ku nambala iti. Ikangokhala chete kapena yankho lake likapanda kumveka, dandaulo lanu lipite ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki onse m'dziko muno ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu, ndipo umboni wake ndi kope yodindidwa ija.