Zipangizo Zothirira Mbewu kwa Mlolo

Dera la Mfumu Mlolo lili m'boma la Nsanje, kuvuma kwa mtsinje wa Shire. Mvula kumeneku imagwa yochepa, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuŵa limaswa mtengo. Koma madzi alipo, pakuti mitsinje ya Ruo ndi Thangadzi imadutsa m'derali. Pa sikimu ya Muona alimi amathirira mpunga ndi madzi oyenda m'ngalande. Amene ali kutali ndi ngalandezo amakumba zitsime m'madimba mwao. Vuto lao ndi ili: madziwo afika bwanji pa mbewu?

Tiyeni tiyerekeze dimba la chimanga la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi. Pa tsiku lotentha dimba lotere limamwa malita pafupifupi 1,200.

Chipangizo chotsika mtengo koposa ndi keni. Keni imodzi imanyamula malita 10, choncho mlimi ayenera kutunga makeni 120 tsiku lililonse. Ndalama zoloŵa n'zochepa, koma msana ndiwo umalipira. N'chifukwa chake wothirira ndi keni sakuza dimba lake.

Chipangizo chachiŵiri ndi thiredo pampu, imene inayamba kufala m'dziko la Bangladesh m'zaka za m'ma 1980. Mlimi amaponda zopondera ziŵiri mosinthanasinthana, ndipo pampuyo imayamwa madzi kudzera m'paipi. Madzi akakhala pafupi, imakoka pafupifupi lita imodzi pa sekondi. Motero malita 1,200 aja amatuluka m'mphindi 20, ngakhale kuti mlimi amapalasa kopitirira apo chifukwa madzi ena amaloŵerera m'ngalande. Mtengo wake ndi wa makeni ambirimbiri, kotero alimi ena amasonkherana n'kumabwerekana. Ubwino wake ndi wakuti siifuna petulo.

Komabe pampuyi ili ndi malire. Siingakoke madzi akuya kuposa mamita 7. Ndipo madzi a m'chitsime akamatsika m'chilimwe, kupalasa kumalemera, otuluka n'kumachepa. Zopondera zikapepuka koma madzi osabwera, dziŵani kuti mpweya ukuloŵa pa mfundo za paipi, kapena mphira za m'kati zatha. Chimene chimadya mphirazo ndi mchenga. Choncho kamwa la paipi lisagone pansi pa chitsime.

Chipangizo chachitatu ndi cha mthirira wodontheza. Ndowa ya malita 20 imaikidwa pa thandala lotalika mita imodzi. Kunsi kwake kumachokera timapaipi tiŵiri ta mamita 15 tokhala ndi timaboo, ndipo madzi amadontha patsinde pa mbewu iliyonse. Ndowayo ikadzazidwa m'maŵa ndi madzulo, malita 40 amakwanira bedi la matimati kapena mpiru. Madzi satayika, ndipo udzu sumera wambiri.

Koma taonani: chipangizo chimenechi chimasunga madzi, sichitunga. Ndowa amadzazabe ndi munthu. Kuti dimba lonse la chimanga lija liyalidwe timapaipi, pafunika ndalama zambiri, ndiponso timapaipito timafuna kugula tina tikafumbutuka ndi dzuŵa kapena kubooledwa ndi mbeŵa. Madzi amatope amatseka timaboo. Mukaona mbewu imodzi yafota pakati pa zinzake zobiriŵira, ndipo dothi lake lili gwa, kaboo kake katsekeka. Sefani madzi ndi nsalu musanathire m'ndowa.

Nanga madzi a mvula okololedwa padenga? Denga la malata la mamita 6 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, mvula ya mamilimita 20 ikagwa, limapereka malita 600, ndiye kuti migolo itatu. Ku dimba la chimanga madziŵa ndi a theka la tsiku chabe. Koma ku bedi lodontheza ndi a masiku 15, okwanira kupulumutsa ndiwo pa nthaŵi ya ng'amba.

Pali chinanso choyenera kukumbukira kwa Mlolo. Madzi osefukira, monga a mu 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023, amakwirira zitsime ndi kukokolola zonse zotsala m'dimba. Mlimi wanzeru amanyamula pampu ndi mapaipi ake kupita nazo kumtunda dzinja lisanafike.

Tsono chipangizo chabwino ndi chiti? Wa dimba lalikulu, lokhala ndi madzi osaya, asankhe thiredo pampu. Wa kabedi ka pakhomo, amene madzi amaŵasenza pamutu, apindula ndi ndowa yodontheza. Wa mabedi oŵerengeka pafupi ndi chitsime, keni imukwanira. Musanafunse mtengo, yambani mwayeza kuya kwa madzi ndi kukula kwa dimba.

Mafunso

1. Kodi dera la Mfumu Mlolo lili m'boma liti?
2. N'chifukwa chiyani kupalasa pampu kumalemera m'chilimwe?
3. Mungadziŵe bwanji kuti kaboo ka paipi katsekeka?
4. Dimba lofuna malita 800 pa tsiku lingathe makeni angati?
5. Fotokozani tanthauzo la mawu akuti "dzuŵa limaswa mtengo".