Mpingo sunang'ambike tsiku limodzi

Ophunzira anga a mbiri ya Mpingo kuno ku Mangochi akafunsidwa kuti Akatolika ndi a Othodokisi anasiyana liti, onse amayankha kuti 1054. Ndimachonga, koma mtima sukhala pansi, chifukwa zimene zinachitika chakacho zinali zazing'ono.

Pa 16 Julayi 1054, Kadinala Humbert anaika chikalata pa guwa la tchalitchi la Hagia Sophia ku Konstantinopo, chochotsa mu Mpingo Patriyaki Michael Cerularius ndi omutsatira ochepa. Papa Leo IX amene anatuma Humbert anali atamwalira kale mu Epulo. Nawonso a Konstantinopo anatemberera Humbert ndi nthumwi zinzake, osati Mpingo wonse wa Roma. Akhristu wamba anapitiriza kupemphera limodzi m'madera ambiri.

Mng'alu unali utayamba kalekale. Kumadzulo ankapemphera m'Chilatini, kum'mawa m'Chigiriki, mpaka anasiya kuwerengerana mabuku. Tengani pemphero la chikhulupiriro lija timanena pa Misa Lamulungu. Msonkhano wa maepiskopi wa mu 381 unati Mzimu Woyera achokera kwa Atate. Mipingo ya ku Sipeni inawonjezera kuti "ndi Mwana", ndipo Roma anadzavomera cha m'ma 1014. Agiriki anakana chiphunzitsocho, koma chinawapweteka kwambiri ndi funso la udindo: ndani ali ndi mphamvu yosintha yekha zimene Mpingo wonse unagwirizana? Roma ankati Papa ali ndi ulamuliro pa mipingo yonse. A kum'mawa ankamuona ngati mkulu pakati pa abale, woyamba kulankhula koma wosagamula yekha. Kwa ine, muzu wa mlandu ndi umenewu.

Chimene chinasandutsa mkangano wa atsogoleri kukhala chidani cha anthu ndi 1204, pamene asilikali a Nkhondo za Mtanda ochokera kumadzulo anafunkha Konstantinopo, kulanda ziwiya zopatulika n'kuikapo patriyaki Wachilatini. N'chifukwa chake mgwirizano umene maepiskopi anasaina ku Florence mu 1439 unakanidwa ndi anthu a kum'mawa. Mu 1453 mzinda wa Konstantinopo unagwa m'manja mwa Aturuki.

Zotsatira zake zinafika mpaka kunyanja kuno. Ansembe a White Fathers amene anafika kwa Mponda mu 1889, ndiponso Aangilikani a ku Malindi, onse anali ana a kumadzulo. Tinalandira mbali imodzi ya mkanganowo osadziwa kuti kuli ina. Ndiye timadabwa tikamva kuti a Othodokisi, omwe ku Malawi anabwera pansi pa Patriyaki wa ku Alekizandiriya, ali ndi ansembe okwatira, amagwiritsa ntchito mkate wofufumitsa, ndipo zaka zambiri Pasaka wawo sagwa tsiku limodzi ndi wathu.

Pa 7 Disembala 1965, Papa Paulo VI ndi Patriyaki Athenagoras anafafaniza matemberero a 1054. Komabe mpaka lero ansembe a mbali ziwirizi sapereka nsembe ya Ukaristia pa guwa limodzi, chifukwa nkhani ya mphamvu za Papa sinathe.